Nkhani Yaifupi ya Mwamuna Wosaka Mphatso mu Msika

Olemba nkhani zazifupi amakonda mwamuna amene akuzungulira mu msika, monga wa Limbe, kusakira mkazi wake mphatso ya tsiku lokumbukira ukwati wawo. Chimene chimagwira owerenga mtima si phokoso la ogulitsa ayi, koma funso lobisika: kodi bamboyu akumudziwadi mkazi wake?

Wolemba waluso amamupanikiza. Ndalama m'thumba nzochepa, dzuwa lapendeka, ogulitsa ayamba kulongedza. Kenako amamuimitsa pa malo atatu okha. Pa kaunjika akupeza diresi yokongola, koma sakudziwa saizi ya mkazi wake. Pa ziwiya akugwira poto, nkuzindikira kuti mphatso imeneyo ndi ya banja lonse, osati ya mayi. Pa zitenje akukumbukira mtundu umene mkaziyo anavala tsiku la chinkhoswe. Malo alionse akuulula kanthu za ukwatiwo.

Nkhani yotere imafooka wolemba akangondandalika katundu wamumsika. Mungaizindikire mosavuta: mukachotsa ndime imodzi, palibe chimene chasintha. Imafookanso mphatso ikapezeka mwamwayi. Iyenera kuchokera m'chikumbumtima cha mwamunayo, kuti mkazi poilandira aone kuti zaka zonsezi ankamuyang'anitsitsa.