Tsiku lolipira ladutsa: kasitomala mumukumbutse bwanji?

Invoisi ikapitirira tsiku lake ndi masiku awiri kapena atatu, nthawi zambiri sikuti kasitomala wakana kulipira. Mwina pepalalo lili pa tebulo la bwana amene sanasainebe, mwina a ku ofesi ya zachuma akusowa nambala ya oda, mwinanso angoiwala. Choncho uthenga woyamba ndi wokumbutsa chabe, nthawi yolonjerera ngongole siinakwane.

Musanalembe, yang'anani kaye ku banki ndi pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama zochokera ku banki ina nthawi zina zimachedwa kuoneka, ndipo kukumbutsa munthu amene analipira kale n'kochititsa manyazi.

Tiyerekeze kuti telala wasokera sukulu ina mayunifolomu 40 pa mtengo wa K12,000 imodzi, ndipo anagwirizana kuti ndalama zilowe pofika pa 30 Juni. Pa 2 Julayi akhoza kulembera mayi wosunga chuma cha sukuluyo motere:

"Mwadzuka bwanji mayi? Ndimati ndikukumbutseni za invoisi nambala 014 ya K480,000, ya mayunifolomu 40 tinabweretsa aja. Tsiku lolipira linali 30 Juni. Ndaitumizanso pamodzi ndi uthenga uno, nambala ya akaunti ili m'munsi mwake. Kodi malipirowa tiwayembekezere tsiku liti? Ngati pali pepala lomwe likusoweka, ndiuzeni ndibweretse. Ngati mwalipira kale, pepani, mungonditumizira umboni wake. Zikomo."

Ulemu uli pa moni ndi pa mawu oti "ndimati", amene amafewetsa nkhani. Koma manambala sanafewetsedwe. Mayi uja ali ndi mainvoisi ambirimbiri, ndiye mukangolemba kuti "za kandalama kaja" mwamupatsa ntchito yofufuza, ndipo adzati aziona mawa. Nambala ya invoisi, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku zikakhalapo, akhoza kungopereka uthengawo kwa wosaina osafunsanso kanthu.

Chiganizo cholemera kwambiri ndi funso lija lofuna tsiku. Mukalemba kuti "mutiganizireko", yankho lake ndi "tikuona", basi nkhani yathera pomwepo. Mukafunsa tsiku, munthu amatchula Lachisanu kapena amaulula chomwe chatsekereza ndalamazo, ndipo zonse ziwiri ndi zokuthandizani.

Ambiri timalakwitsa poyamba ndi madandaulo: lendi yavuta, mwana wabwezedwa fizi. Zoona zingakhale zoona, koma zimasandutsa malipiro a ntchito yanu kukhala chithandizo chomwe munthu angapereke akafuna. Ena amathamangira kutchula loya ndi chiwongoladzanja. Pa tsiku lachiwiri zimenezo n'zongokwiyitsa kasitomala, ndiponso chiwongoladzanja chomwe simunagwirizane poyamba musachitulukire lero.

Uthengawu upite kwa munthu amene amakonza malipiro, osati pagulu la WhatsApp pomwe ena aziwerenga. Tumizani m'mawa wa tsiku la ntchito ndipo musaufufute. Pakatha sabata kuli zii, imbani foni, ndipo mutchule tsiku limene munatumiza uthenga woyamba uja.