Odita saona lisiti lililonse: nanga amasankha bwanji poyang'ana?

Kampani yogulitsa feteleza ndi mbewu imalemba malisiti masauzande ambirimbiri pa chaka, koma odita amakhala pamalopo masabata ochepa chabe. Sangaone pepala lililonse. Choncho n'zotheka kuti anene kuti mabuku ali bwino chonsecho muli cholakwika chachikulu, choti chikadadziwika banki sikadabwereketsa ndalama. Chimenechi ndicho chiopsezo cha oditi. Malamulo a ntchitoyi a ISA, omwe maodita a ku Malawi amatsatiranso, amachiona kuti chili ndi mbali zitatu.

Ganizirani mpunga. Miyala imalowa pouyanika, wopeta amachotsako ina, ndipo wophika amasankha yotsala. Dzino limaluma mwala pokhapokha mwalawo utalowa, n'kudutsa lichero, n'kuphonyedwanso ndi wophika.

Mbali yoyamba, IR, ndi chiopsezo chachibadwa: kuphweka kwa chinthu kulakwika tisanaganizire chitetezo chilichonse. Pa kampani yathuyi, galimoto zisanu n'zosavuta: zimawerengeka ndipo zili ndi mabulubuku. Feteleza ndi nkhani ina. Matumba amabeka, ena amanyowa n'kuuma gwa, ndipo mtengo wa otsalawo umadalira kuyerekezera kwa munthu. Ngongole za alimi nazo n'chimodzimodzi, chifukwa wina ayenera kulingalira kuti ndi angati adzabweze mvula ikavuta.

Yachiwiri, CR, ndi chiopsezo choti ndondomeko za kampani zilephere kutchinga kapena kugwira cholakwika. Kodi wosunga kiyi wa nyumba ya katundu ndi yemwenso amalemba buku la katunduyo? Kodi alipo amene amafananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki mwezi ndi mwezi? Nkhani ya Kashigeti ya 2013 inaonetsa kufooka kotere: ndalama zinkalipidwa kudzera mu IFMIS pa katundu amene sanaperekedwe, kenako zolembazo n'kufufutidwa m'kompyuta.

Ziwirizi n'za kampani. Odita amangoziyeza, sangazisinthe. Chimene chili m'manja mwake ndi chachitatu, DR, chiopsezo choti kufufuza kwake kuphonye cholakwika chomwe chilipo. Zitatuzi zimalumikizana motere:

```
AR = IR × CR × DR
```

Tinene kuti odita wakhazikitsa kuti chiopsezo chonse, AR, chisapose 5 peresenti. Pa feteleza waika IR pa 80 peresenti. Wamva kuti thumba silituluka popanda chikalata chosainidwa ndi anthu awiri, ndiye waika CR pa 50 peresenti. Akachulukitsa 0.8 ndi 0.5 apeza 0.4, ndipo akagawa 0.05 ndi 0.4 apeza 0.125. Ndiye kuti mwayi woti iye aphonye cholakwika usapitirire 12.5 peresenti.

Koma zongomva sizikwanira. Odita atenga zikalata 40 zotulutsira katundu, n'kupeza kuti 9 zili ndi siginecha imodzi yokha, ya wosunga kiyi. Ndondomeko ija ndi ya pakamwa chabe. CR ikwera kufika pa 100 peresenti, ndipo DR itsika kufika pa 6.25 peresenti.

Kutsika kumeneku kumaoneka pa ntchito. M'malo mowerenga matumba pa depoti imodzi miyezi iwiri chaka chisanathe, odita apita ku madepoti onse pa tsiku lotsekera mabuku. Agumula mulu kuti aone ngati pakati palibe mphako, akweza matumba ena pa sikelo, alembera makalata ogulitsa feteleza kuti atsimikize okha zomwe anatumiza. Ntchitoyi aipereka kwa munthu wozolowera, osati wophunzira. Pa galimoto zija, ngati IR ndi 20 peresenti ndipo CR ndi 50 peresenti, DR ikhoza kufika pa 50 peresenti, ndipo kufufuza kochepa n'kokwanira.

Manambalawa si opima pa sikelo. Ndi kuganiza kwa odita, n'chifukwa chake ambiri amangolemba kuti chiopsezo n'chachikulu, chapakati kapena chaching'ono. Akachepetsa IR molakwika, kuwerengera konse kumasokera. Ndiponso DR siifika pa ziro, chifukwa cholakwika chikhoza kukhala pa pepala lomwe silinasankhidwe. Choopsa kwambiri ndi pamene osaina awiri aja agwirizana zoba, kapena bwana mwini walamula kuti ndondomeko idumphidwe: mapepala onse amaoneka oyera.

N'chifukwa chake lipoti labwino la odita silitanthauza kuti palibe tambala yomwe yasowa. Limatanthauza kuti umboni womwe wapezeka ndi wokwanira kukhulupirira kuti mulibe cholakwika chachikulu. Ndipo kampani yodandaula kuti odita akuchedwa ndiponso akudula, iyambe yaona ngati wosunga katundu, wolemba buku ndi wolandira ndalama ali anthu atatu osiyana.