Kalata ya akauntanti ndi mwezi wa notisi

Pakampani yaing'ono akauntanti amakhala mmodzi. Malipiro amakonza yekha, misonkho amatumiza yekha, ndipo ndi iye yekha amene amadziwa kasitomala wochedwa kubweza ngongole. Akaganiza zochoka, kalata yake imafunika kulembedwa kalendala ili patebulo.

Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 likuti wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, yochita kulemba. Mgwirizano wa ntchito ukatchula nthawi yoposa pamenepo, monga miyezi itatu, woti atsate ndi mgwirizanowo. Wochoka mwadzidzidzi amayenera kulipira bwana ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo.

Tiyerekeze mayi wosunga mabuku pasitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, wolandira K600,000 pamwezi. Wapeza ntchito kwina yoyamba pa 1 Ogasiti. Kalata akuipereka pamanja pa 30 Juni, ndipo mtima wake ndi mizere iwiri: “Bwana, ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya akauntanti. Notisi yanga ya mwezi umodzi ikuyamba pa 1 Julayi, ndipo tsiku langa lomaliza ndi 31 Julayi.” Kenaka akuthokoza mwachidule, akulonjeza kusiya mabuku ali m'malo mwake, akupempha ndalama za masiku a tchuthi amene sanapite ndi chikalata chosonyeza kuti anagwirapo ntchito. Madandaulo sakulembamo. Bwana akusaina pa kope lachiwiri ndi kuikapo deti, chifukwa mkangano ukabuka, funso loyamba limakhala lakuti kalata inafika liti. Akanangosowa osatsanzika, K600,000 ija ikanakhala ngongole yake.

Ntchito yeniyeni ili m'mwezi wa Julayiwo. Msonkho wodulidwa pa malipiro a Juni uyenera kufika ku MRA pofika pa 14, wa VAT pofika pa 25, ndipo kumapeto kuli malipiro a antchito. Zonsezi mayiyu azichita wolowa m'malo mwake ali pambali, akuona.

Koma pali msampha umene ambiri sauona. Msonkho wa malipiro a Julayi udzafunika pa 14 Ogasiti, iye atachoka kale. Akapanda kuulemba m'pepala losiyira mnzake, kampani imadzadzidzimuka ndi chindapusa, ndipo dzina lotchulidwa mu ofesi limakhala la wochokayo. M'pepala lomwelo muyenera kukhala macheke amene analembedwa koma sanatapidwe kubanki, maina a angongole, ndi ndalama za m'kabokosi ka mu ofesi zowerengedwa pamaso pa bwana, onse awiri n'kusainira.

Chotsala ndi dzina lake kubanki ndi pa Msonkho Online. Akauntanti wosamala amapempha m'kalata momwemo kuti pa 31 Julayi siginecha yake ichotsedwe ndipo mapasiwedi asinthidwe, kuti ndalama iliyonse yotuluka mu Ogasiti isadzayende m'dzina la munthu amene anapereka kale makiyi.