Nkhani ya intavyu yoyamba: tiipatse mutu wanji?

Anthu ambiri amene amatsegula magazini kapena nyuzi amawerenga mitu yokha, n'kumatembenuza masamba mpaka atapeza umene wawakoka. Nchifukwa chake mkonzi amatha kutaya theka la ola pa mawu asanu, chonsecho nkhani yake waiwerenga m'mphindi khumi. Kuti tione mmene ntchitoyi imayendera, titenge nkhani imodzi n'kuiyesa mitu ingapo.

Tiyerekeze kuti patebulo pa mkonzi pali nkhani ya masamba awiri. Yalembedwera wachinyamata amene anamaliza Fomu 4, sanalembedwepo ntchito, ndipo Lolemba walandira foni yomuitana ku intavyu Lachinayi, pa ntchito ya ukalaliki wa mosungira katundu ku Limbe. Nkhaniyo ikumuuza zoti afunse foni isanaduke: malo enieni, nthawi, ndi mapepala oti atenge. Ikumuuza kuti awerengenso chilengezo cha ntchitoyo ndi kalata imene iye mwini analemba, chifukwa mafunso ambiri amachokera mommo. Ikutchula zoti aike mu envulopu: satifiketi yeniyeni ya MSCE, mafotokope ake, chiphaso cha unzika ndi kalata ya umboni yochokera kwa aphunzitsi aakulu. Gawo lalitali kwambiri likukamba za kayankhidwe ka mafunso, ndipo kumapeto kuli chenjezo lakuti wokuitanani ku intavyu akayamba ndi kupempha ndalama, ameneyo ndi wakuba.

Mutu woyamba kubwera m'maganizo ndi wakuti "Kukonzekera intavyu yoyamba". Ulibe bodza, ndi waufupi, ndipo umakwana pamzere umodzi ngakhale zilembo zitakhala zikuluzikulu. Patsamba la zamkatimu umagwira ntchito bwino, chifukwa amene akufunafuna nkhani yotereyi aipeza msanga. Vuto lake ndi lakuti umangotchula phunziro, ngati mutu wa chimangirizo cha kusukulu. Mulibe munthu, mulibe tsiku, mulibe chimene chikumudetsa nkhawa. Nkhani khumi zosiyana zikhoza kuvala mutu umenewu osasintha chilembo.

Wina anganene kuti ndiye tiuthire mchere: "Chinsinsi chopezera ntchito pa intavyu yoyamba". Umenewu anthu awerenga ndithu, koma ndimaukana nthawi zonse. Kukonzekera bwino sikupereka ntchito, kumangochepetsa zifukwa zokukanira. Mu 2020 unduna wa zaumoyo utalengeza ma intavyu ongofikapo a alangizi a zaumoyo, anthu anakhamukirako chinamtindi, mpaka ena anavulala popanikizana pasukulu ya Katoto ku Mzuzu. M'dziko limene malo amodzi amalimbirana anthu ochuluka chotero, kulonjeza ntchito pamutu wa nkhani n'kunamiza mwana wa mwini. Zili ngati lesitilanti yolemba "chambo" pachikwangwani pamene mumphika muli usipa: munthu adya, koma mawa sabweranso. Komanso m'nkhanimo mulibe chinsinsi chilichonse. Kusita malaya ndi kufika msanga si chinsinsi.

Tsono pali mutu uwu: "Akuitanani ku intavyu koyamba? Chitani izi tsikulo lisanafike". Umenewu ndi wautali, ndipo wokonza tsamba adandaula chifukwa udya mizere iwiri kapena itatu. Koma taonani zimene ukuchita. Mawu oyambawo akusankha wowerenga. Amene ali pantchito zaka khumi adutsa, ndipo palibe chimene wataya. Amene foni ija yamupeza Lolemba aima pomwepo, ngakhalenso mayi ake, kapena malume amene akumusunga, adula tsambalo n'kukamupatsa. Mawu akuti "koyamba" akumutsimikizira kuti sitimuseka chifukwa chosadziwa. Gawo lachiwiri likulonjeza zochita, osati malangizo a mumlengalenga, ndipo likuika malire: nkhaniyi ndi ya masiku a pakati pa Lolemba ndi Lachinayi.

Lonjezo limeneli nkhani yathu ikulikwanitsa. Ikuuza mnyamata wa ku Chirimba kuti ngati sadziwa pamene pali ofesiyo, akapaone Lachiwiri kapena Lachitatu, chifukwa ayenera kukwera minibasi ziwiri ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze. Ikumuuza kuti asite zovala dzulo lake, magetsi akadalipo, ndi kuti mafotokope apangiretu, asadalire kuti m'mawa akapeza potsegula. Pamene mutuwu ukuperewera ndi pamodzi: sukunena kanthu za zochitika m'chipinda cha intavyu, chonsecho ndi kumene wolemba wathira mphamvu zake zambiri.

Apa m'pofunika kutchulapo za "inu" ndi "iwe". Ena amaganiza kuti polembera achinyamata ndi bwino kunena kuti "Akuitana ku intavyu? Chita izi". Pawailesi ya achinyamata zimamveka, chifukwa liwu la wolankhula limafewetsa. Papepala "chita izi" amamveka ngati kulamula mwana, ndipo munthu amene akukafunsira ntchito safuna kuonedwa ngati mwana.

Mitu ya manambala, monga "Zinthu 7 zoti muchite usiku woti mawa ndi intavyu", ili ndi ubwino wake: wowerenga amadziwiratu kuti nkhani ili ndi polekezera, ndipo akhoza kuchonga chimodzichimodzi. Koma nambala iyenera kuchokera m'nkhani. Ngati zinthu zenizeni ndi zisanu, wolemba amayamba kufufuza ziwiri zongodzazira, ndiye mumapeza malangizo akuti "mwani madzi okwanira". Kwa nkhani yathu mutuwu ndi wopapatiza, popeza zausiku ndi ndime imodzi chabe. Ungayenere kabokosi ka pambali.

Mutu umene ndimaukonda kwambiri, ngakhale kuti uli ndi ngozi zake, ndi wotenga mawu a m'chipinda momwemo: "'Tiuzeni za inu': muyankha chiyani?" Ma intavyu ambiri amatsegulidwa ndi funso limeneli, kawirikawiri m'Chingerezi, ndipo wowerenga akaliona pamutu amayamba kuyankha chamumtima. Akaona kuti yankho silikubwera, nkhani ija aiwerenga mpaka kumapeto.

Mutuwu ndi wamphamvu chifukwa nkhani yathu ili ndi chitsanzo chogwirika kumbuyo kwake. Munthu wosakonzeka amayamba ndi mudzi wa kwawo, mfumu yaikulu, boma, kuti ndi wachitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ndipo akamafika pa maphunziro, ofunsa aja ayamba kale kuyang'ana pawotchi. Si kupusa ayi, kwathu munthu amadzidziwitsa choncho. Koma ofunsawo akufuna kumva ngati angamudalire ndi katundu wawo. Yankho limene wolemba wapereka likumveka motere: "Ndinamaliza Fomu 4 chaka chatha. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikusunga buku la katundu m'golosale ya azakhali anga. Mabelo a shuga ndi makatoni a sopo akafika ndimawerenga n'kulemba, zotuluka ndimalembanso, ndipo Loweruka lililonse ndimafananitsa bukulo ndi ndalama. Nditaona kuti mukufuna munthu wosunga kaundula wa katundu, ndinadziwa kuti ndi ntchito imene ndinayamba kale kuiphunzira." Yankholi silipitirira mphindi imodzi, ndipo likutsegula khomo la funso lotsatira limene mnyamatayo angayankhe mosavutika: buku likasiyana ndi ndalama mumatani?

Ngozi yake ili pawiri. Choyamba, amene sanalowepo m'chipinda cha intavyu mwina sazindikira kuti mawuwa ndi a kumeneko, angaganize kuti magaziniyo ikupempha owerenga kuti alembe makalata. Mutu wotere sungaime wokha, umafuna kamutu kakang'ono pansi pake kotchula intavyu. Chachiwiri ndi chiyeso choonjezera mawu akuti "funso limene limagwetsa ambiri". Amveka bwino, koma ambiriwo anawawerenga ndani? Mkonzi wosamala amafunsa wolemba kumene wazitenga, ndipo akasowa yankho mawuwo amachotsedwa.

Nanga mwambi? Nyuzi za Chichewa zimakonda mitu ya miyambi, ndipo wina adzabweretsa wakuti "Mbewa ya manyazi inafera kuuna". Pali pamene ukugwirizana ndi nkhani. Mwana woleredwa bwino anaphunzira kuyang'ana pansi polankhula ndi akuluakulu, kulankhula motsitsa mawu ndi kusadzitama, ndipo zonsezi pa intavyu zikhoza kuoneka ngati kusadzidalira. Nkhani yonse ikanakhala ya manyazi, mwambiwu ukanakhala mutu wabwino kwambiri. Koma mwambi sunena kuti nkhani ndi ya chiyani. Wowerenga angayembekezere nkhani ya chikondi kapena ya matenda obisa, ndipo amene akukonzekera intavyu adutsa osadziwa kuti tsambalo ndi lake. Malo ake ndi m'kati, pamwamba pa ndime yokamba za kuyang'ana ofunsa kumaso.

Palinso mutu wochenjeza, "Musalipire kuti mulowe intavyu". Uthenga wake ndi wofunika, koma m'nkhani yathu ndi ndime yomaliza yokha. Kuukweza pamwamba ndiye kuti wowerenga adutsa masamba awiri akufunafuna akuba amene sakutulukira. Ngati mkonzi waona kuti chinyengochi chakula, atume mtolankhani akalembe nkhani yakeyake.

Njira yoyesera mitu yonseyi ndi yosavuta. Phimbani nkhani, muonetse mnzanu mutu wokha, n'kumufunsa kuti akuganiza kuti m'katimo muli chiyani ndipo alembera ndani. Kenako mupatseni awerenge. Akanena kuti "ndimayesa mukamba zakuti", mutuwo walonjeza zimene mulibe. Akalephera kulota n'komwe, sunanene kanthu.

Ndikanakhala mkonzi wa tsambali, pamwamba ndikanaika "'Tiuzeni za inu': muyankha chiyani?" ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa ndi pamene nkhani yalemera. Pansi pake, ndi zilembo zing'onozing'ono, ndikanalemba kuti "Akuitanani ku intavyu koyamba? Nazi zoti mukonze, mutenge ndi kunena". Wa zinthu za usiku uja ukanapita pa kabokosi, nambala yake itawerengedwa kuchokera pa zimene zilimodi. Patsamba la zamkatimu ndikanasiya wosakongoletsa uja, "Kukonzekera intavyu yoyamba".

Chisankhochi chikudalira wowerenga amene tinayamba naye, amene waitanidwa kale. Nkhani yomweyi ikanati isindikizidwe m'kabuku kogawira ophunzira a Fomu 4 atatsala pang'ono kulemba mayeso, "akuitanani" sakanagwira ntchito, popeza palibe amene wawaitana. Nkhawa yawo ndi ina: adzanena chiyani pamene sanagwirepo ntchito? Kwa iwowo mutu ukanakhala "Simunagwirepo ntchito? Muli nazo zoti munene pa intavyu", ndipo chitsanzo cha golosale ya azakhali chikanachoka pakati n'kukhala ndime yoyamba.