Kutuma mnzako ntchito m'Chifalansa

Mu ofesi ya ku Paris, mukauza mnzanu kuti alembe lipoti « dès que possible », kutanthauza msanga momwe angathere, musadabwe likabwera mwezi wamawa. Msanga wanu si msanga wake. Tchulani tsiku ndi ola: « Pourriez-vous me l'envoyer au plus tard vendredi à 16 h ? » Apa mwamupempha mwaulemu kuti alitumize pasanapitirire Lachisanu 4 koloko madzulo, pajatu Afalansa amawerenga maola mpaka 24.

Chenjerani ndi « avant vendredi ». Mawuwa amatanthauza Lachisanu lisanafike, choncho wina amaliza Lachinayi usiku akudandaula, wina abweretsa Lachisanu n'kumati wasunga nthawi. « Au plus tard » amathetsa mkanganowo.

Kenako nenani chimene mukuyembekezera: « J'attends deux pages, avec les chiffres de mars », ndiye kuti masamba awiri okhala ndi ziwerengero za Malichi. Thandizo nalonso likhale ndi nthawi yake. « N'hésitez pas », musazengereze kufunsa, ndi mawu okoma koma aliyense amawanena mwamwambo chabe. Kuli bwino « Je suis disponible mercredi matin », ndilipo Lachitatu m'mawa.

Ngati mumaitanana « tu », nenani « Pourrais-tu ». Kwa amene simunazolowerane naye, gwiritsanibe « vous » mpaka mutagwirizana zosintha.