Mphindi 38 pa foni, tsamba limodzi la manotsi

Wogulitsa malonda akangotsitsa foni, chimene chimatsala m'mutu mwake kawirikawiri ndi kuseka kwa kasitomala ndi mawu okoma otsanzikirana. Bwana wake akamufunsa kuti zayenda bwanji, yankho limakhala lakuti, "Akufuna kwambiri, agula basi." Pakatha milungu itatu kasitomala uja sakuyankhanso foni, ndipo palibe amene akukumbukira chimene chinanenedwa chenicheni. Ndi chifukwa chake makampani ambiri amajambula zokambirana za pa foni kapena za pa Zoom. Koma mawu ojambulidwa paokha sathandiza, chifukwa palibe bwana amene ali ndi nthawi yomvetsera kukambirana kulikonse kuyambira pa moni mpaka pa tsalani bwino. Pamafunika munthu woti apete mawuwo, mankhusu apite, patsale zinthu zitatu: zimene zikumuletsa wogula, zimene waulula zokhudza ndalama, ndi zimene awiriwo agwirizana kuchita.

Tiyerekeze nkhani iyi, ndi mitengo yongopeka. Mtsikana wina amagulitsa mapampu a madzi oyendera mphamvu ya dzuwa ku Lilongwe. Mwezi wa Julayi wakambirana kwa mphindi 38 ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu yogonera komweko ya ku Kasungu, yomwe si ya boma. Sukuluyo ili ndi chitsime chakuya, koma magetsi akazima imapopa madzi ndi jenereta. Mtengo wa pampu, mapanelo, thanki ndi kuyika zonse ndi K14 miliyoni.

Asanayambe kujambula, wogulitsayo wapempha chilolezo: "Bwana, ndikufuna ndijambule kuti ndisaiwale zomwe tikambirane, mulola?" Umenewu ndi ulemu, komanso Malawi ali ndi lamulo la mu 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Mawu a munthu sangotengedwa mobisa ndi kuwamwaza pa gulu la WhatsApp la ku ofesi.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kumvetsera ulendo woyamba osalemba ziganizo. Amangolemba nthawi: pa mphindi 9 wogula wadandaula, pa 17 watchula ndalama, pa 31 watchula tsiku. Wolemba mothamanga uku akumvetsera amadzaza pepala ndi mawu ake omwe, chifukwa wogulitsa ndiye amakonda kuyankhula kwambiri, ndipo kufotokoza kwake kwa mawati a mapanelo sikusowa kulembedwa. Ulendo wachiwiri amabwerera pa malo anaikapo chizindikiro aja okha, ndi kulemba mawu a wogula monga anawanenera, nthawi yake pambali, kuti wokayika adzathe kukamva yekha.

Pa mphindi 9 mphunzitsi wamkulu uja wati, "Mayi, zinthu za solazi tinaziyesapo ku hositelo ya atsikana. Zinagwira chaka chimodzi basi, amene anatigulitsawo mpaka lero sayankha foni." Wogulitsa wosazolowera amalemba kuti sakhulupirira sola. Kulemba kotero ndi kuphonya. Bamboyu sakudandaula za dzuwa kapena mapanelo. Akuopa kusiyidwa yekha chinthu chikawonongeka. Yankho la nkhawa yoyambayo ndi kumuphunzitsa za luso la makina, pamene yankho la yachiwiri ndi pepala la chitsimikizo, dzina la mmisiri wa pafupi ndi nambala ya sukulu ina yomwe inathandizidwa bwino. Amene walemba molakwika adzanyamula yankho lolakwika.

Pamafunikanso kusiyanitsa funso ndi chodandaula. Pa mphindi 13 wogula wafunsa ngati pampu imagwira ntchito kukakhala mitambo. Wogulitsa wafotokoza kuti madzi amachepa koma thanki imasunga a tsiku lonse, ndipo bambo aja ati, "Oo, chabwino, zamveka." Limeneli linali funso, layankhidwa, latha. Koma pa nkhani ya kusiyidwa ija, wogulitsa atalonjeza chitsimikizo cha zaka ziwiri, mphunzitsi wamkulu wangoti "Mmm," kenaka wasintha nkhani. Manotsi abwino amalemba zonse zitatu: chodandaula, yankho lomwe linaperekedwa, ndi momwe wogula analilandirira. Apa mawu oyenera ndi akuti sichinathe. Ambiri amaganiza kuti poti iwo ayankha ndiye kuti nkhani yatha, chonsecho wogula sanavomere kanthu.

Chigawo cha ndalama ndicho chovuta kwambiri, chifukwa anthu satchula poyera zomwe ali nazo m'thumba. Kampani ya IBM inatchukitsa njira yotchedwa BANT, yomwe imafunsa mafunso anayi: ndalama zilipo, ndani ali ndi mphamvu yovomereza, chosowacho ndi chenicheni, ndipo akufuna liti. Mafunsowa ndi othandiza, koma pa foni mayankho ake sabwera mu ndondomeko yotere. Amabwera mobalalika, ena mwa iwo ngati nkhani yongodutsa.

Mu kukambirana kwa ku Kasungu, zizindikiro zinali zinayi ndipo chimodzi chokha ndicho chinanenedwa mwachindunji. Pa mphindi 17 bamboyo wati sukulu inapatula K6 miliyoni ya ntchito ya madzi chaka chino. Pa mphindi 6, akungodandaula za magetsi, anali atanena kuti dizilo wa jenereta amadya pafupifupi K400,000 pa mwezi. Pa mphindi 22 wati chilichonse chopitirira K5 miliyoni chimafuna bodi. Ndipo chakumapeto, ngati akucheza, wati, "Panopa tauma, mpaka ana atsegulire mu Seputembala."

Zimenezi zikaikidwa pamodzi zimanena zambiri. Ndalama zomwe zilipo sizikufika theka la mtengo, zikupereweranso K8 miliyoni. Amene anali pa foniyo sangasaine yekha. Ndalama zina zidzalowa fizi ikayamba kulipidwa. Ndipo dizilo wa K400,000 pa mwezi ndi K4.8 miliyoni pa chaka, kutanthauza kuti ngati pampu ingachotseretu jenereta, K14 miliyoni ija ikhoza kubwerera pasanathe zaka zitatu. Koma pano pali msampha. Masamu otsirizawa wachita ndi wogulitsa, wogula sananene. M'manotsi ayenera kukhala padera, pansi pa mutu wosonyeza kuti awa ndi maganizo a wolemba. Zonena za wogula zikasakanikirana ndi ziyembekezo za wogulitsa, bwana wowerenga amaika K14 miliyoni pa ndalama zoyembekezeka mwezi uno, pamene palibe amene analonjeza zotero.

Manambala amafuna kumvetsera kawiri. Amalawi ambiri amatchula ndalama mu Chingerezi, ndipo pa netiweki yodukaduka fotini ndi fote zimamveka chimodzimodzi, monganso fifitini ndi fifite. Liwu loti sikisi lokha silinena ngati ndi mamiliyoni kapena masauzande. Ayeneranso kuona ngati mtengo womwe anatchulawo unali ndi msonkho kale kapena ayi. Pamene sipakumveka bwino, kuli bwino kulemba kuti pakufunika kutsimikiza kusiyana ndi kulemba nambala yoganizira. Ndipo popeza kwacha imatha kugwa mwadzidzidzi, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, masiku omwe koteshoni ikhale ikugwira ntchito ayenera kulembedwa. Wogulitsa wathu anati masiku 14, pamene ndalama za sukulu zibwera patatha miyezi iwiri. Palibe anazindikira kusemphanaku ali pa foni. Kumaonekera polemba.

Kenaka pamabwera zomwe agwirizana, ndipo apa ndi pamene chikhalidwe chathu cha ulemu chimasokoneza ambiri. Munthu wamkulu sakonda kukana pamaso. Amati "tiona," kapena "ndikuimbirani," kapena "tikambirane kaye ndi anzanga." Neil Rackham, yemwe gulu lake linafufuza zokambirana za malonda pafupifupi 35,000 asanatulutse buku la SPIN Selling mu 1988, anasiyanitsa mathero awiri a kukambirana kumene sikunathere pa kugula kapena kukana. Ena ndi pamene wogula wavomera kuchita chinthu chenicheni chosendeza nkhani patsogolo. Ena ndi pamene akungosiyana mwaubwenzi popanda choti wina achite. Rackham mathero achiwiriwa sanawawerenge ngati kupambana, ngakhale wogulitsa atuluke akumwetulira.

Poyesa, mzere uliwonse uyenera kuyankha mafunso akuti ndani, achita chiyani, pofika liti. Pa mphindi 31 mphunzitsi wamkulu wati bodi ikumana Loweruka la sabata yamawa, ndipo ngati koteshoni ifika pofika Lachitatu aika nkhaniyi pa ndandanda ya zokambirana. Umenewu ndi mgwirizano. Pa mphindi 35 wati, "Mudzabwere mudzaone chitsimecho nthawi ina." Mawuwa ndi abwino, koma alibe tsiku, choncho alembedwa kuti atchulidwa koma sanagwirizane. Zolonjeza za wogulitsa mwini nazonso zimaiwalika msanga. Pa mphindi 11, pofuna kutonthoza bambo aja, anati atumiza manambala a sukulu ziwiri zomwe kampani yake inaikako mapampu. Akapanda kumvetseranso akanaiwala, ndipo kwa munthu woopa kusiyidwa, lonjezo loyamba losakwaniritsidwa ndi umboni wokwanira.

Tsamba lomaliza limakhala lalifupi. Pamwamba pali tsiku, amene anali pa foni ndi udindo wake, ndi chiganizo chimodzi chonena pomwe nkhani yafika: chosowa chilipo, ndalama ndi zoperewera, chiganizo chili ndi bodi. Pansi pake pali chodandaula chimodzi chosatha ndi mawu ake enieni, zizindikiro zinayi za ndalama ndi nthawi zake, zochita zitatu zokhala ndi mwini ndi tsiku, ndi malo a mafunso omwe sanafunsidwe. Malo amenewa ambiri amawadumpha. Apa akusonyeza kuti wogulitsa sanafunse ngati bodi imafuna makoteshoni a makampani ena, zomwe mabungwe ambiri amachita, komanso sanafunse ngati sukulu ingalole kulipira pang'onopang'ono pa teremu iliyonse.

Njira yodziwira ngati manotsi ali bwino ndi kumupatsa mnzako yemwe sanamve kukambiranako. Ngati angathe kuimbira kasitomala mawa ndi kupitiriza nkhani popanda kufunsanso zomwe zinayankhidwa kale, ntchito yagwirika.

Chotsala ndi kutumiza gawo la zogwirizana lokha kwa wogula tsiku lomwelo, osati manotsi onse. Uthenga wake ndi waufupi: "Bwana, zikomo chifukwa cha nthawi yanu. Monga tinakambirana, nditumiza koteshoni ndi manambala a sukulu ziwiri pofika Lachitatu, ndipo inu muika nkhaniyi ku bodi Loweruka. Ndidzakuimbirani Lolemba lotsatira. Ngati ndalakwitsa pena, mundikonze." Mphunzitsi wamkulu akayankha kuti zili bwino, mzere wa Loweruka uja umalembedwa kuti watsimikizika. Akapanda kuyankha pofika Lachitatu, wogulitsa amaimbanso foni asanauze bwana wake kuti nkhani yapita ku bodi.