Mtima ukafooka: kuwerenga kugunda kwake ndi kutsatira befu pakhomo

Munthu amene anamupeza ndi mtima wofooka amaonana ndi dokotala mwina kamodzi pa mwezi, ena kamodzi pa miyezi itatu. Masiku ena onsewo amakhala ali pakhomo, ndipo ndi pakhomo pomwe matendawa amayambira kukula. Nthawi zambiri munthu safika pobanika usiku umodzi. Madzi amaunjikana m'thupi pang'onopang'ono kwa masiku angapo, thupi n'kumapereka zizindikiro zimene wodwala ndi womusamalira angathe kuziona ndi wotchi, zala ziwiri ndi kope.

Tikati mtima wafooka sitikutanthauza kuti waima. Ukugwirabe ntchito, koma sukukwanitsa kupopa magazi okwanira thupi. Kuno kwathu zimene zimaufooketsa kawirikawiri ndi bipi yokwera kwa zaka zambiri, kuwonongeka kwa mavavu a mtima kotsatira zilonda zapakhosi za paubwana, ndi kufooka kwa mnofu wa mtima kumene kumagwira amayi ena akangobereka. Mtima ukamalephera kukankha magazi, madzi amatsalira m'mapapo, m'miyendo ndi m'mimba. Madzi a m'mapapowo ndiwo amabweretsa befu. Nawo mtima, pofuna kubwezera zimene ukuperewera pa kugunda kulikonse, umayamba kugunda mofulumira. N'chifukwa chake zinthu ziwirizi, kugunda ndi kupuma, zimanena zambiri.

Kuwerenga kugunda kwa mtima kumafuna nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, makamaka m'mawa musanamwe mankhwala kapena tiyi. Khalani pansi mphindi zisanu mtima ukhazikike. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, kenako ikani chala cha mkombaphala ndi chapakati cha dzanja linalo pamkono, m'munsi pang'ono mwa tsinde la chala chachikulu. Dinikizani pang'ono mpaka mumve mtsempha ukugunda. Mukadinikiza kwambiri kugundako kumasowa. Chala chachikulu musawerengere, chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake kumene kumasokoneza, makamaka mukamawerengera munthu wina.

Werengani mphindi yonse yathunthu. Anamwino nthawi zina amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, koma kwa mtima wofooka njira yachiduleyi imabisa chinthu chofunika: kayendedwe ka kugundako. Kodi kukubwera motsatana bwino, kapena kukudumphadumpha, kwina kwamphamvu kwina kosamveka, popanda dongosolo? Munthu wamkulu akakhala phee, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Koma ambiri odwala mtima amamwa mankhwala oudekhetsa, monga kavedilolo, bisopulololo kapena digokisini, ndipo iwowa kugunda kwa 55 kapena 60 kungakhale kwabwinobwino ngati sakumva chizungulire.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nambala yofunika kwambiri si ya m'buku la madokotala, koma yanu ya masiku onse. Munthu amene amapeza 68 kapena 72 m'mawa uliwonse, akayamba kupeza 92, 95, 98, ndiye kuti china chasintha, ngakhale nambalazo sizinadutse 100. Choncho sabata yoyamba, pamene mukupeza bwino, ingolembani kuti mudziwe pomwe thupi lanu limakhazikika. Mukapita kukiliniki, funsani dokotala akulembereni m'buku lanu la kuchipatala malire anu, apansi ndi apamwamba.

Befu ndi wovuta kuyesa chifukwa munthu amazolowera. Amachepetsa ntchito osazindikira, amayamba kutuma ana, amasiya kupita kumsika, ndiye mukamufunsa amati ali bwino. Ndimaona kuti funso loti "mukupuma bwanji?" silithandiza kwenikweni. Chothandiza n'kusankha mtunda umodzi umene mumayenda tsiku ndi tsiku, monga kuchokera pakhomo kukafika pamjigo kapena pamsewu, n'kumaona kuti mwaima kangati kuti mupume. Ngati mtunda umene munkaumaliza osaima tsopano ukufuna kuti muime kawiri, lembani. Ngati befu wayamba kubwera posamba, povala kapena powerama kuti muvale nsapato, matenda akwera masitepe.

Usiku umaulula zambiri kuposa masana. Munthu akagona chagada, madzi amene anali m'miyendo amabwerera m'magazi n'kukathera m'mapapo. Ndiye werengani mapilo. Amene ankagona ndi pilo mmodzi akayamba kufuna atatu, kapena kugona chokhala atatsamira khoma, mapapo ake akudzaza. Chizindikiro china n'kudzidzimuka patapita ola limodzi kapena awiri chigonere, uku akubanika, n'kukhala tsonga kapena kuthamangira kukatsegula zenera. Kachifuwa kouma kobwera pogona kamachokanso komweko, ngakhale ambiri amakayesa chimfine.

Womusamalira angathenso kuwerenga kapumidwe. Yang'anani chifuwa chikukwera ndi kutsika kwa mphindi imodzi, kukwera ndi kutsika kukhale kumodzi. Ndi bwino kuchita zimenezi mutagwirabe mkono ngati mukuwerenga mtima, chifukwa munthu akadziwa kuti mukumuyang'ana amasintha kapumidwe. Wamkulu wokhala phee amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi.

Tiyerekeze mayi wa zaka 58 amene mtima wake unafooka chifukwa cha bipi. Amamwa fulosemaidi, mankhwala okodzetsa aja ambiri amawatchula lasikisi, pamodzi ndi enalapulilo ndi kavedilolo. M'kope lake, masiku onse mtima umagunda cha m'ma 70, amagona ndi pilo mmodzi, amafika pamjigo osaima, ndipo sikelo imaonetsa makilogalamu 64. Loweruka apita kumaliro a mlamu wawo. Poopa kukodzakodza m'minibasi ndi pasiwa, asiya lasikisi masiku awiri. Ndiwo za kumeneko ndi usipa wa mchere wambiri, ndipo msana utawawa chifukwa chogona pansi, wina awapatsa bufeni.

Lolemba m'mawa mwana wawo awerenga n'kupeza 78. Palibe chodabwitsa, koma mayiwo aima kamodzi popita kumjigo. Lachiwiri ndi 88, akakolo atupa moti ukadinikiza ndi chala pakutsala kadzenje, ndipo usiku apempha pilo wachiwiri. Lachitatu ndi 96, sikelo ikuonetsa makilogalamu 66 ndi theka, ndipo cha m'ma 1 koloko usiku anadzuka akubanika.

Palibe nambala imene payokha ikanawopseza munthu. Koma zonse zikuloza mbali imodzi, ndipo kulemera kwakwera ndi makilogalamu oposa awiri m'masiku atatu, amene ndi malire omwe madokotala a mtima amauza odwala awo. Amenewo si mafuta, ndi madzi, pafupifupi malita awiri ndi theka. Chifukwa chakenso chikuoneka: mchere umasunga madzi, lasikisi sanamwedwe, ndipo bufeni, monganso dikilofenaki ndi indosidi, amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi. Mayiyu ayenera kupita kuchipatala Lachitatu lomwelo, ngakhale tsiku lake la kiliniki lili kutali. Ndikanakhala ine, ndikanawatengera Lachiwiri, pilo wachiwiri atangopemphedwa. Pamenepo dokotala nthawi zambiri amangowonjezera mlingo wa okodzetsa kwa masiku ochepa, munthu n'kubwerera kwawo. Akadikira mpaka Loweruka, akhoza kukalowa m'wodi ali pa okosijeni.

Zosintha ngati za mayiyu ndi zofunika kukanena tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa. M'gulu lomweli muli mtima wogunda kuposa 100 munthu ali phee mutabwereza kuwerenga, mtima wotsika pansi pa 50, ndi kupuma kodutsa 20 pa mphindi kumene sikutsika. Mulinso kugunda kumene kwayamba kudumphadumpha pamene kale kunali kwa dongosolo. Ichi musachinyozere ngakhale munthu akupeza bwino, chifukwa mtima wogunda mosalongosoka ungapange timibulu ta magazi timene timakatseka mitsempha ya mu ubongo n'kuyambitsa sitiroko. Kuti adziwe mtundu wa vutolo, achipatala amajambula kagundidwe ka mtima ndi makina, ndipo pali mankhwala oteteza.

Kugunda kwapang'onopang'ono kuli ndi nkhani yakeyake kwa amene amamwa digokisini. Mankhwalawa akachuluka m'magazi, mtima umatsika kapena kusokonekera, munthu amachita nseru, amasanza, safuna kudya, ndipo ena amaona zinthu ngati zachikasu. Izi zimachitika kwambiri impso zikafooka kapena potaziyamu akachepa m'thupi chifukwa cha okodzetsa. Mukaona zotere musamwe wina musanaonane ndi achipatala tsiku lomwelo.

Ndiye pali zimene sizidikira kuti kuche. Kubanika munthu atangokhala, moti sangamalize chiganizo osapumira. Kutsokomola thovu loyera kapena lofiirira. Kupweteka kothina pachifuwa kosatha. Kukomoka, kusokonezeka mutu, milomo kapena lilime kuda mobiriwira, thukuta lozizira. Mtima wothamanga kuposa 120 kapena wotsika kufika cha m'ma 40 munthu akumva chizungulire. Zikatero pezani galimoto nthawi yomweyo. Musamugoneke chagada. Akhale tsonga miyendo ili pansi, ngakhale m'galimotomo, ndipo tengani mankhwala ake onse ndi kope lija.

Chenjezo limodzi: si kuthamanga konse kwa mtima kumene kumatanthauza madzi ochuluka. Malungo, chibayo ndi kuchepa kwa magazi zimauthamangitsanso, ndipo chifuwa chosatha chokhala ndi kuonda chiyenera kuyezedwa chifuwa chachikulu. Nthawi zina vuto limakhala madzi ochepa. Munthu wotsegula m'mimba kapena wosanza, amene akumwabe okodzetsa m'nyengo yotentha ya Okutobala, amauma thupi: mtima umathamanga, kulemera kumatsika, m'kamwa mumauma, akaimirira amaona mdima. Ameneyu akawonjezera lasikisi angawononge impso. Choncho musasinthe mlingo mwa nokha pokhapokha dokotala atakulemberani kale kachitidwe kake, ndipo kavedilolo ndi anzake musawasiye mwadzidzidzi.

Ena ali ndi makina a bipi kapena kachipangizo kopanira pachala koyeza okosijeni. N'zothandiza, koma zimanama chala chikazizira, chikapakidwa penti ya zikhadabo, kapena mtima ukamagunda mosalongosoka. Pakhungu lakuda, kachipangizo ka pachala nthawi zina kamaonetsa okosijeni wokwera kuposa amene alidi m'magazi. Kakaonetsa 92 kapena kutsika apo, pitani kuchipatala. Koma kakaonetsa 96 munthu akubanika, khulupirirani munthuyo.

M'kope, mzere umodzi pa tsiku ndi wokwanira: tsiku, kugunda kwa mtima ndi kayendedwe kake, mapilo, kuima kangati panjira, kulemera ngati sikelo ilipo, ndi mankhwala amene adumphidwa. Poyeza kulemera, kwerani sikelo yomweyo m'mawa mutakodza, musanadye, mutavala zofanana. Mukafika kwa dokotala, m'malo monena kuti "sindikupeza bwino", nenani kuti kugunda kwachoka pa 70 kufika pa 96 m'masiku atatu, mapilo awonjezeka, ndipo munadumpha lasikisi kawiri. Zodumphazo musabise poopa kukalipiridwa, chifukwa dokotala akapanda kudziwa angaganize kuti mankhwala sakugwira ntchito, n'kukuwonjezerani mlingo umene thupi lanu silikuufuna.